Yankho labwino, mboni yolakwika

Aphunzitsi anzanga, pali pepala limene limaimitsa cholembera chofiira m'malere. Mwana wayankha zoona, koma mawu amene watapa m'nkhani achokera pena. Apa musafulumire, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyerekeze kuti mwapatsa ana a Sitandade 8 nkhani ya mayi wina wolima chimanga. Funso likuti: "Malinga ndi ndime yachiwiri, n'chifukwa chiyani mayiyu sanakolole zambiri? Lembani mawu osonyeza zimenezi." Malikisi ndi 2. Ndime yachiwiriyo ikuti mvula inadula chimanga chikumasula. Mwana walemba kuti kunali ng'amba, ndipo walondola. Koma umboni wake ndi wakuti "mmera unafota ndi dzuwa", mawu a m'ndime yachinayi.

Poyamba bwererani ku funso, muone chimene linapempha. Ili lapempha zinthu ziwiri, chifukwa chake ndi mawu ochitira umboni, ndipo lalozanso ndime. Choncho mwanayu mpatseni 1 ya ng'amba ija, inayo mummane. Kumupatsa ziro n'kumulanda chimene wamvadi. Kumupatsa zonse n'kumunamiza, ndipo tsiku la mayeso a MANEB adzalipira yekha, pomwe pepani wanu sadzapoletsa chilonda. Funsolo likanangoti "perekani umboni wa m'nkhaniyi", osatchula ndime, akanatenga zonse, ngakhale mawu akewo mulibe pa pepala lanu la mayankho.

Koma musanalembe kanthu, pitani ku ndime yachinayiyo muiwerenge yonse. Mmera wofotawo ndi wa yani? Ngati ndi wa mayi yemweyo, chaka chomwecho, mwana wangolowera khomo lina la nyumba yomweyo. Koma mwina ndimeyo ikunena za munda wa mlamu wake, kapena za chaka chapita. Pamenepo nkhani yakula. Pabwalo la amfumu, mboni ikhoza kunena zoona zokhazokha, koma ngati inaona mlandu wina, mawu ake sathandiza. Mwana wotere kawirikawiri sawerenga. Amasaka ndi maso mawu ofanana ndi yankho lake, akaona "dzuwa" kapena "mvula" n'kutola. Malikisi ake akhalabe 1, koma matenda ake ndi ena. Muitaneni, mumuuze aloze ndi chala pamene wapeza yankho, kenaka mumufunse kuti mawuwo akunena za yani. Mmera mpoyamba. M'mphepete mwa pepala musangodula mzere. Lembani kuti "ganizo labwino, ona ndime 2".

Ndipo ngati kalasi mukuchonga awiri, kumbukirani kuti nkhanga zinapangana kusanapse. Gwirizanani za yankho lotere musanatsegule mulu wa mapepala. Ana amafananiza mapepala panja, ndipo wopatsidwa 1 akaona mnzake ali ndi 2 pa mawu omwewo, mawa adzakhala pakhomo panu ndi pepala m'manja.