Tisanatukwane netiweki, tiyeni tifunse foni

Pano pa Kafue Estates pali nyimbo imodzi imene tonse timaidziwa: "Anibera bandulo." Timaimva pa kantemba, timaimva mu minibasi yopita ku Lusaka, timaiwerenga mu magulupu a WhatsApp m'mawa uliwonse. Munthu wagula 1 GB madzulo, wagona ali pa waifai ya panyumba, podzuka apeza meseji yakuti yatha. Mlandu umagwera kampani ya netiweki nthawi yomweyo, popanda ndi kufufuza komwe. Ife sitili pano kuyeretsa makampaniwo, mitengo yawo tidzaikamba tsiku lina. Koma tikuti nthawi zambiri wakuba ali m'thumba mwanu. Foni yanu inapangidwa kuti ithawe waifai ndi kulumphira pa deta ya pa simu popanda kukufunsani, ndipo amene anaipanga amaona ngati akukuchitirani zabwino.

Mng'ono wathu wina zinamuchitikira sabata yatha. Anagula 1 GB yoti agwiritse ntchito kusukulu masiku angapo. Madzulo anali kuchipinda akupenyerera mavidiyo a mpira pa YouTube, ali pa waifai ya rauta imene ili pabalaza. Chakumadzulo ndithu malaiti anapita. Rauta inazima, koma vidiyo sinaime ngakhale pang'ono, ndipo iye anangoti "foni yanga ni yamphamvu" n'kupitiriza. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Vidiyo ya 720p imafuna liwiro la pafupifupi 2.5 Mbps. Tikagawa ndi 8 kuti tipeze mabaiti, ndi pafupifupi 0.3 MB pa sekondi iliyonse, kutanthauza 19 MB pa mphindi imodzi. Ndiye 1 GB siikwanitsa ngakhale ola limodzi, imatha pa mphindi 50 ndi kanthu. Palibe amene anamubera. Anaonera mpira ndi ndalama ya sukulu.

Chimene chinamupusitsa ndi chakuti vidiyo sinadukize. YouTube imakhala itakokeratu kachigawo ka kutsogolo, ndiye pamene foni ikusintha njira, inu mukuonera zimene zinalowa kale. Pofika pamene kachigawoko katha, deta ya pa simu yayamba kale kugwira ntchito. Chizindikiro chokha ndi kachithunzi kakang'ono pamwamba pa sikirini, ndipo pa vidiyo yodzaza sikirini yonse kachithunziko sikaoneka n'komwe.

Manje foni imasankha bwanji? Lamulo lake loyamba ndi losavuta: waifai ikakhalapo ndipo ikugwira, ndiyo imatsogola, ikasowa, deta ya pa simu imalowa m'malo ngati ili yoyatsa. Koma pali lachiwiri limene ambiri sitilidziwa. Foni siikhulupirira waifai chifukwa cha mizere yodzaza ija. Mizere imangonena kuti foni ndi rauta zikumvana, osati kuti rautayo ikufika pa intaneti. Ndiye foni ya Android ikalowa pa waifai imatumiza kafunso kakang'ono ku adiresi ya Google ngati iyi:

```
connectivitycheck.gstatic.com/generate_204
```

Imayembekezera yankho lopanda kanthu, la nambala 204. iPhone imachita zofanana ndi captive.apple.com. Yankho likapanda kubwera, foni imaona kuti waifaiyo ilibe intaneti, ndipo mafoni ambiri amayamba kudutsira pa simu ngakhale akadali olumikizana ndi rauta. Apa ndi pamene anthu ambiri pano amalumidwa. Marauta athu ambiri ndi a simu, nawonso amadya bandulo. Bandulo ya rauta ikatha pakati pa usiku, rauta ikadali yoyaka, timagetsi take tikuthwanima, mizere ili fulu, koma kumbuyo kulibe kanthu. Mukaona kachizindikiro ka ! kapena ka x pambali pa waifai, kapena 4G itatulukira pafupi nayo, dziwani kuti mwayamba kulipira nokha.

Pamwamba pa izi opanga mafoni anawonjezera kamthandizi kamene kamathawa waifai ngakhale isanafe, ikangofooka chabe. Mukachoka pabalaza n'kukakhala panja kuseri kwa makoma awiri a mabuloko, siginolo imatsika, masamba amachedwa kutseguka, kamthandizi n'kunena kuti tiyeni pa simu. Apple inabweretsa zimenezi mu 2015 pa iOS 9, dzina lake Wi-Fi Assist, ndipo inabwera yoyatsa kale. Chaka chomwecho anthu ena ku America anaisumira kampaniyo ku khoti chifukwa cha deta imene inawathera. Ganizirani, ku America. Nanga ife amene timagula deta ya tsiku limodzi ndi chenji ya basi?

Apa ndi pamene tikulimbana ndi opanga mafoni. Iwo amayesa kuti choipa kwambiri chimene chingachitikire munthu ndi vidiyo kuima masekondi atatu. Kwa ife choipa ndi kudzuka opanda bandulo pa tsiku lotumiza asainimenti kapena lofunsira ntchito. Maganizo awo ndi a dziko limene malaiti sapita ndipo deta amalipira kamodzi pa mwezi. Ife tikukhala pafupi ndi mtsinje umene umapanga magetsi ku Kafue Gorge, koma aliyense akukumbukira 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, pamene malaiti ankabwera ngati mlendo wodutsa. Rauta yozima kangapo pa tsiku ndi foni yolumpha kangapo pa tsiku. Chinthu chodya ndalama ya munthu chinayenera kubwera chozima, wochifuna aziyatsa yekha.

Poti sichibwera chozima, tizime tokha. Pa iPhone lowani mu Settings, pa gawo la deta ya pa simu (limalembedwa Mobile Data, Mobile Service kapena Cellular), tsikani mpaka pansi penipeni kupyola maapu onse, mupeza Wi-Fi Assist. Pansi pa dzinalo pamalembedwanso ma MB amene yadya kale, muone nokha. Pa Samsung ndi Settings, Connections, Wi-Fi, timadontho titatu pakona, Intelligent Wi-Fi, ndiye zimani Switch to mobile data. Pa Tecno, Infinix, itel ndi Redmi mayina amasiyana malinga ndi mtundu wa foni, choncho osavutika kuloweza: tsegulani Settings, pamalo osakira lembani switch kapena assistant, n'kuzima chilichonse chonena zosinthira ku deta waifai ikafooka.

Koma tisakunamizeni monga amachitira a timavidiyo ta "chita ichi bandulo yako isathe". Batani limenelo silikanamupulumutsa mng'ono wathu uja. Limaletsa foni kuthawa waifai yofooka basi. Waifai ikafa kotheratu, monga malaiti akapita, foni ibwerera pa simu olo mutazima mathandizi onse, chifukwa limenelo ndi lamulo loyamba lija. Loko yeniyeni ndi imodzi chabe: mukafika panyumba n'kulowa pa waifai, kokani sikirini kuchokera pamwamba muzime Mobile data. Mafoni olankhula ndi mameseji wamba azilowabe. Rauta ikazima vidiyo iima, ndipo kuimako ndiko belu lanu. Inu ndinu amene musankhe ngati mpirawo ndi woyenera 19 MB pa mphindi.

Ena ati, "Nanga nikaiwala kuyatsa potuluka, ma WhatsApp a bizinesi anipita." Zoona, ndipo kwa amene amagulitsa zinthu pa foni si nkhani yaing'ono. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, siyani deta yoyatsa koma muimange miyendo. Yatsani Data saver, imene imaletsa maapu ambiri kudya deta muli osawatsegula, n'kupatsa WhatsApp yokha chilolezo chodutsa. Mu WhatsApp momwemo, pa Storage and data, pezani When using mobile data muchotse mavidiyo ndi zithunzi, kuti magulupu a kutchalitchi ndi a mpira asamakutsitsireni zinthu zimene simunapemphe. Mu Play Store, pa Network preferences, ikani Auto-update apps kuti izichitika pa waifai pokha. Ndipo mu YouTube muli Video quality preferences, pamene mungaike Data saver pa mbali ya deta ya pa simu yokha. Vidiyo ya 480p imadya pafupifupi theka la 720p, ndipo pa kasikirini ka foni mpira umaonekabe.

Pali msampha wina wotembenuka, umene timaupeza kwambiri kwa amene agula kamaifai ka m'thumba pothawa vuto la malaiti. Foni ikaona waifai iliyonse imaganiza kuti yafika paphwando. Zonse zimene inali kusunga, maapudeti, kukweza zithunzi ku Google Photos, bakapu ya WhatsApp, imazimasula nthawi imodzi. Koma maifai ija ili ndi simu, ndipo bandulo yake munagula ndinu. Apa ndiye mawu akuti "pa waifai pokha" amakutembenukirani. Mankhwala ake ndi kuuza foni kuti waifai iyi ndi yowerengera. Pa Android lowani pa dzina la waifaiyo, pezani Metered network kapena Network usage, musankhe Treat as metered. Pa iPhone dinani kachizindikiro ka i pambali pa dzinalo muyatse Low Data Mode. Chitani zomwezo pa mafoni onse a m'nyumba, chifukwa foni imodzi ya mlendo imene mwaipatsa pasiwedi ikhoza kumaliza ya banja lonse.

Ndipo tisanapite kukakalipira mtsikana wa pa buthu, amene sanalakwe kanthu, tiyeni tione umboni. Foni imalemba zonse. Pa Samsung ndi Connections, Data usage, Mobile data usage. Pa ma Android ena fufuzani Data usage. Mupeza maapu atandandalikidwa kuyambira wakudya kwambiri, ndipo mukadina imodzi ikuonetsani Foreground, zimene inadya inu mukuigwiritsa ntchito, ndi Background, zimene inadya kumbali. Nambala ya foni ikafanana ndi bandulo imene yatha, nkhani yathera pomwepo. Kusiyana pang'ono n'kwachibadwa, chifukwa foni ndi netiweki siziwerenga chimodzimodzi ndendende. Koma foni ikanena 200 MB pamene 1 GB yonse yapita, ndipo simunayatsire munthu hotisipoti, jambulani sikirini, sungani meseji yogulira, mukadandaule ku kampani yanu. Akapanda kukuthandizani, ZICTA ilipo yolandira madandaulo otere.

Mng'ono wathu tinamutsegulira tsamba limenelo tili tonse pakhonde. Pamwamba penipeni panali YouTube, pafupifupi bandulo yonse, pa Foreground. Anayang'ana kwa kanthawi, n'kufunsa ngati tingamubwerekeko ya bandulo ina.