Mwana amadziona m'maso mwathu

Ndinaima pa Nathenje kuti ndigule tomato, ndipo ndinachokapo mtima ukuwawa chifukwa cha dzina. Pabenchi panali mayi wina ndi kamnyamata ka zaka ngati khumi ndi chimodzi. Ndinasankha milu itatu ya K700, n'kutulutsa K5,000. Mayiyo asanamasule n'komwe chitenje chimene anamangamo ndalama, ndinamva mwanayo akunong'ona yekha kuti chenji ndi K2,900, ndipo anali atalondola. Nditamutambasulira dzanja kuti alandire ndalamayo, mayi aja anandiletsa msanga. "Ayi bambo, ameneyo musamupatse. Ndi Ziro uyo, masamu anamukana kalekale." Ogulitsa anzawo anaseka, mwanayo nayenso anaseka pang'ono, kenaka n'kuwerama kumatola masamba a anyezi pansi.

Nditafunsa kumene dzinalo linachokera, anandiuza kuti ali Sitandade 3 anapeza ziro pa mayeso a masamu, pepala lake linafika kunyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndi Ziro basi. Mayeso analembedwa tsiku limodzi koma dzina latha zaka likumutsata. Owerenga, mukudziwa bwino kuti mudzi uliwonse kuchokera ku Nathenje mpaka ku Mitundu uli ndi Ziro wake, Mbuli wake, Kamutu wake. Timati ndi nthabwala chabe, koma ine sindikhulupirira kuti pali dzina lachipongwe limene mwana amalisenza zaka zitatu osamulowa m'mafupa.

Nkhani imeneyi anailongosola bwino Charles Horton Cooley, katswiri wa kakhalidwe ka anthu wa pa yunivesite ya Michigan ku Amereka, m'buku limene anatulutsa mu 1902. Zambiri zimene analemba anazitola poyang'anitsitsa ana ake omwe akukula. Iye anati munthu sadzidziwa yekha ali phee m'chipinda, koma amadziona mwa anthu ena ngati mmene timadzionera pagalasi. Ndipo anati kudziona kumeneku kumayenda masitepe atatu. Poyamba timaganizira mmene tikuonekera kwa mnzathuyo. Kenaka timaganizira chimene iye akugamula mumtima mwake pa zimene waonazo. Pomaliza timamva kanthu m'kati mwathu, kaya kunyada kaya manyazi, ndipo kanthu kameneko kakabwerezedwa kambirimbiri kamasanduka chimene timati ndine.

Tiyeni timuyendetse mnyamata uja m'masitepe amenewa. Mlendo wamutambasulira ndalama, ndipo iye akudziona mmene akuonekera: kamwana kopanda nsapato, koima pambali pa benchi, aliyense akukayang'ana. Kenaka akufunsa mumtima kuti anthuwa akuti chiyani za ine, ndipo yankho sachita kulifunafuna chifukwa laperekedwa mokweza, kuseka n'kulitsimikiza. Zotsatira zake ndi manyazi. Mwana wamanyazi amapeza njira yodzitetezera, ndipo njira yapafupi ndi kusayesanso pagulu. Mawa m'kalasi aphunzitsi akafunsa kuti 5,000 kuchotsapo 2,100 ndi zingati, iye sakweza dzanja ngakhale yankho lili kukamwa. Aphunzitsi, amene ali ndi ana ochuluka oti sangawadziwe onse mmodzimmodzi, amaona mwana wosayankha n'kumuika m'gulu la ofooka. Temu ikatha lipoti limafika kunyumba, apabanja n'kunena kuti tinanena ife. Dzina lija labala umboni wake lokha.

Pa masitepe atatuwa, limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi lachiwiri, chifukwa ndi longoganizira. Palibe amene amalowa m'mutu mwa mnzake. Mu 1979 akatswiri awiri, Shrauger ndi Schoeneman, anasonkhanitsa kafukufuku wambiri amene anali atachitika pa nkhaniyi, ndipo anapeza kuti mmene munthu amadzionera zimagwirizana kwambiri ndi zimene iye akuganiza kuti ena amamuganizira, kusiyana ndi zimene enawo amaganizadi. Mayi wa tomato uja mwina amamukonda mwanayo ndi mtima wonse. Mwina akamacheza ndi anzake kuchigayo amamutama kuti ndi wakhama. Koma mwana samva za kuchigayo. Amamva zimene zanenedwa iye ali pomwepo, amawerenga nkhope, amaona amene watumidwa kukagula sopo ndi ndalama yaikulu ndi amene wangotumidwa kukatunga madzi. Chikondi chimene chili mumtima mokha, pakamwa pakutuluka Ziro, sichimuthandiza kanthu.

Apa ndiye pamene ndimabwerera ku dandaulo langa lakale, la tsiku lotsekera sukulu. Ambiri tinakulira m'mwambo woti ana onse asonkhane pabwalo, makolo ali pomwepo, aphunzitsi n'kumaitana maina kuyambira nambala wani kutsika mpaka amene wagwira mchira. Woyamba amamuwombera m'manja, amayi ake n'kululutira, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma ndani anatiuza kuti womalizayo amapindulapo kanthu? Amati manyazi amulimbikitsa kuti temu yamawa alimbikire. Ine ana amene ndinawaona akugwira mchira pamaso pa mudzi wonse sanalimbikire. Anayamba kujomba tsiku la msika, kenaka masiku ena, kenaka tinangowaona akuweta mbuzi. Chichokereni 1994 pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere takhala tikudandaula kuti ana amalowa ambiri koma ofika Sitandade 8 ndi ochepa. Timatchula umphawi, njala, maukwati a ana ndi kutalika kwa mtunda, ndipo zonsezo n'zoona. Koma sitiwerengera ana amene anachoka chifukwa sukulu inali malo amene ankapita kukauzidwa kuti ndi opanda nzeru.

Mu 1968 Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zimene anayesa pa sukulu ina ya pulayimale ku California. Anauza aphunzitsi kuti mayeso aonetsa ana ena amene nzeru zawo zatsala pang'ono kutseguka, chonsecho maina a anawo anangowasankha mwachisawawa. Chaka chitatha, ana aja anachitadi bwino kuposa anzawo, makamaka a m'makalasi awiri oyambirira. Kafukufukuyu anatsutsidwa m'zambiri, ndipo amene anabwera pambuyo pake anapeza kuti mphamvu ya chiyembekezo cha mphunzitsi si yaikulu monga ankanenera poyamba. Komabe ilipo, ndipo imagwira kwambiri pa ana aang'ono amene sanadzidziwe. M'mera m'poyamba.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ife Achewa zimenezi sitinafunikire kuziphunzira kwa Cooley. Makolo athu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Mwambi umenewu timautchula pa maliro ndi pa chitukuko pofuna kunena kuti tizithandizana, koma ine ndimaumva mozama kuposa apo: umunthu weniweniwo timapatsana. Taonani zimene zimachitika pa chinamwali. Namwali akatuluka amapatsidwa dzina latsopano, ndipo kumuitananso ndi dzina laubwana ndi chipongwe. Thupi lake ndi lomwe lija la sabata yatha, koma mudzi wonse wagwirizana kumuona ngati wamkulu, ndipo posakhalitsa mayendedwe ake ndi mayankhulidwe ake amasinthadi. Taonaninso polonga ufumu. Mwamuna amene dzulo ankapalasa njinga kupita ndi mtedza ku msika wa Mitundu akalowa dzina, anthu amayamba kumuwombera m'manja ndi kumugwadira, ngakhale akuluakulu amene anamuona akukwawa. Ambiri mwa oterewa amakula n'kulidzaza dzinalo. Ngakhale kuitanana ndi mfunda, a Phiri, a Banda, a Nangozo, a Nabanda, ndi njira youzira munthu tsiku ndi tsiku kuti ali ndi kwawo ndipo ndi wolemekezeka. Ngati tikudziwa kuti dzina limatha kukweza munthu chonchi, tingakane bwanji kuti limathanso kumutsitsa?

Sindikunena kuti liwu lililonse limaumba munthu. Wakabaza wa pa Mitundu amatukwanidwa ndi oyendetsa galimoto kangapo patsiku, koma madzulo amagona tulo take bwinobwino, chifukwa odutsa m'njira alibe malo mumtima mwake. Maso amene amalemera ndi a anthu ochepa: amayi, atsibweni, agogo, aphunzitsi, ndi anzake amene amasewera nawo mpira wachikulunga. Munthu akamakula amaphunziranso kusankha amene angawamvere ndi amene angawanyalanyaze. Mwana wa Sitandade 3 alibe mwayi umenewo. Sangasamuke pakhomo, sangasinthe kalasi, ndipo sanakumanepo ndi anthu ena oti amuuze zosiyana.

Sindikunenanso kuti tizinamiza ana. Mwana amene walakwa masamu ukamuuza kuti ndi katswiri amadziwa kuti ukumunyengerera, ndipo mawa sakhulupiriranso mawu ako. Kusiyana kuli pakati pa kudzudzula ntchito ndi kutcha munthu dzina. Ukati "apa waiwala kubwereka, bwerezanso," wamupatsa chochita. Ukati "ndiwe mbuli," wamuuza chimene ali, ndipo palibe chimene angachite nacho koma kuchivomera.

Mwana amene dzina lamulowa sasowa. Amati "sindingathe" asanaone n'komwe funso. Asanayankhe amayamba wayang'ana nkhope ya wamkulu kuti aone ngati kuseka kukubwera. Amaitanidwa ndi dzina lachipongwe n'kuvomera mosavuta, nthawi zina n'kumadzitchula yekha kuti aseketse anzake iwo asanamuseke. Ndipo chizindikiro chachikulu ndi ichi: amatha kwina chimene amalephera kwina. Amawerengera chenji pamsika koma m'kalasi kuchotsera kumamukanika, amalongosola nkhani bwinobwino kudambo koma pamaso pa aphunzitsi amachita chibwibwi. Mukaona zotere dziwani kuti mutu uli bwino, chimene chasintha ndi anthu amene akumuyang'ana.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono, ndipo silifuna thandizo lochokera kunja. Aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu m'madera athu ano asiye kuitana maina mpaka kumchira. Atchule amene achita bwino, atchulenso amene akwera kuchoka pamene anali temu yatha, ena onse alandire malipoti awo m'manja. Kunyumba, dzina lililonse limene linabadwa pa tsiku limene mwana analephera lichotsedwe, ndipo atsibweni ake alengeze zimenezo pabanja monga mmene amalengezera nkhani zina zikuluzikulu. Ndipo mwana amene mwakhala mukumukayikira mumutume ku golosale ndi ndalama yofuna chenji, akabwera muwerenge pamaso pake, n'kumuuza mokweza, ena akumva, kuti yakwana.