Foni imodzi, zilankhulo ziwiri

M'makomo ambiri ku Linthipe foni imakhala imodzi, koma oigwiritsa ntchito ndi banja lonse. Popeza malire a Dedza ali pafupi, si zachilendo kupeza banja limene mayi anaphunzira sukulu ku Angonia m'Chipwitikizi, pamene bambo anaphunzira kwathu kuno m'Chingerezi. Kodi foni yomweyo ingamvere onse awiri akamailamula ndi pakamwa? Inde ingathe, koma pali malire ake.

Tiyambe ndi funso limene ambiri amafunsa. Google Assistant, pulogalamu yomvera malamulo m'mafoni a Android, ilibe Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo zake. Tikaiuza kuti "ndidzutse mamawa", imangolemba mawu a Chingerezi omveka mofananako, kapena kutitsegulira zinthu zimene sitinafunse. Foni sinawonongeke ayi, yangomva chilankhulo chimene sikuchidziwa. Koma Chingerezi ndi Chipwitikizi zilipo, ndipo kuyambira mu 2018 pulogalamuyi imatha kumva zilankhulo ziwiri popanda kumangosinthasintha.

Kuti tiwonjezere chachiwiri, titsegule pulogalamu ya Google, tidine kachithunzi kathu kamene kali pamwamba chakumanja, kenako titsate njira iyi:

```
Settings > Google Assistant > Languages > Add a language
```

Pamenepo tisankhe Português (Portugal), chifukwa Chipwitikizi cha ku Mozambique chimayandikira cha ku Portugal kusiyana ndi cha ku Brazil. M'mafoni atsopano amene ali ndi Gemini m'malo mwa Assistant, mayinawa akhoza kusiyanako, koma chimene tikufufuza ndi mawu oti Languages.

Tiyerekeze kuti mayi wa m'banja lija amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi 6 koloko m'mawa. Bambo angatchere alamu ponena mawu oyambawa, ndipo mayi angachite chimodzimodzi ndi achiwiriwa:

```
Set an alarm for 6 AM
Define um alarme para as seis da manhã
```

Foni imayankha m'chilankhulo chimene yafunsidwira. Lamulo lake ndi lakuti chiganizo chimodzi chikhale m'chilankhulo chimodzi. Ife tinazolowera kusakaniza, monga "set alamu ya 6 koloko", ndipo munthu mnzathu amamva bwinobwino. Foni imayamba yasankha kuti chiganizo chonse ndi cha chilankhulo chiti, ndiye mawu osakaniza amaisokoneza.

Tikalankhula, tisafulumire kuiponya m'thumba. Foni imalemba pa sikirini mawu amene yamva, choncho tiwerenge, kenako titsegule wotchi ya m'fonimo tione ngati alamu yatcheredwadi pa 6:00 AM, osati 6:00 PM. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kungachititse wodwala kudumpha mankhwala a m'mawa. Ngati mawu olembedwawo ali olakwika, tibwereze pang'onopang'ono pamalo opanda phokoso la wailesi kapena la magalimoto a mumsewu wa M1. Ngati sikulemba chilichonse, tione bando ndi netiweki, chifukwa malamulo ambiri amafuna intaneti. Koma alamu ikatcheredwa imalira ngakhale bando itatha.

Vuto lina limabwera pa foni yobwerekana. Mawu oitanira oti Hey Google amayendera Voice Match, imene imaphunzira mawu a mwini foni. Ndiye bambo akaitana imayankha, mayi akaitana nthawi zina imangokhala chete, mpaka mayi n'kumaganiza kuti Chipwitikizi chija sichinalowe. Mayi asavutike ndi kuitana: atsegule Assistant ndi chala, adine kachizindikiro ka maikolofoni, kenako alankhule.

Nanga agogo amene amalankhula Chichewa chokha atsalira? Osati kwenikweni. Mu Okutobala 2024 kampani ya Google inawonjezera zilankhulo zingapo za mu Africa, kuphatikizapo Chichewa, pa kufufuza ndi mawu komanso pa kulemba ndi mawu mu kiyibodi ya Gboard. Mu Gboard tipite pa Languages, kenako Add keyboard, n'kufufuza Chichewa kapena Nyanja. Tikatero, agogo angatsegule WhatsApp, kudina maikolofoni ya pa kiyibodi, osati ija yojambulira mawu, n'kulankhula uthenga wopita kwa mdzukulu ku Lilongwe, foni n'kumalemba. Wina awerenge uthengawo usanatumizidwe, makamaka ngati muli dzina la mankhwala kapena kuchuluka kwa ndalama. Kumeneku ndi kulembetsa chabe, si kulamula: kutchera alamu ndi kuimba foni ndi pakamwa kumafunabe Chingerezi kapena Chipwitikizi.

Choncho kwa agogo, mdzukulu awatcherere alamu ya mankhwala kamodzi, aikhazikitse kuti izilira masiku onse 7 a pa mlungu, ndipo aiyese pamaso pawo kuti adziwe kulira kwake.