Nyimbo za pa bandulo si zaulere monga ambiri akunenera

Pali mawu amene afala pakati pa ogwiritsa ntchito mafoni ku Liwonde, ku Ulongwe, ku Ntaja ndi pa boma la Balaka, akuti bandulo yokhala ndi nyimbo imam'patsa munthu ufulu womvera usana ndi usiku osataya kanthu, ndipo mayunitsi akatha ndiye kuti kampani yaba. Mbali zonse ziwiri za mawu amenewa n'zolakwika. Cholakwikacho chimayambira pa kusadziwa mmene kampani ya mafoni imazindikirira data yoti isalipiritse.

Data yotchedwa yaulere si yachilendo m'Malawi. Mu 2015 kampani ya Facebook inabweretsa Internet.org, imene pambuyo pake inatchedwa Free Basics, kudzera pa Airtel ndi TNM. Amene anagwiritsapo ntchito Facebook yaulere amakumbukira kuti mawu ankaoneka koma zithunzi ndi mavidiyo zinkafuna bandulo. Mabandulo a WhatsApp okha kapena a Facebook okha amayendanso chimodzimodzi, ndipo bandulo ya nyimbo ndi m'bale wawo. Ngakhale ku America, kumene T-Mobile inayambitsa Music Freedom mu 2014, chimene chinali chaulere ndi kumvera nyimbo pa mapulogalamu osankhidwa, pamene mavidiyo ankadya data monga mwa nthawi zonse.

Netiweki ilibe makutu. Zimene foni imalandira kuchokera ku Spotify, Boomplay kapena Audiomack zimayenda zitabisidwa, choncho makina a kampani sangadziwe ngati ikudutsayo ndi nyimbo ya Lucius Banda kapena chithunzi cha ukwati. Chimene amaona ndi adiresi ya makompyuta kumene zinthuzo zikuchokera. Kampani ya mafoni ndi eni pulogalamu ya nyimbo amagwirizana mndandanda wa maadiresi, ndipo chilichonse chochokera pa mndandandawo chimachotsedwa pa bandulo ya nyimbo kapena sichiwerengedwa n'komwe. Chochokera kwina kulikonse chimalipiridwa ndi bandulo wamba ya intaneti, ndipo ngati palibe, makina amatha kutembenukira ku mayunitsi, kumene mtengo wa megabaiti imodzi umakhala wokwera kuposa wa m'bandulo.

Vuto n'lakuti pulogalamu imodzi sitenga zinthu zake pamalo amodzi. Munthu amaona apu imodzi pa foni yake, koma mkati mwake muli njira zingapo. Nyimbo imachokera ku makompyuta a eni pulogalamu, pamene malonda amene amadukiza nyimbo kawirikawiri amachokera ku makampani ena otsatsa malonda, amene sali pa mndandanda. Amene sanalipire ndalama ya pamwezi ndi amene amaona malonda ambiri, ena a iwo a vidiyo, choncho womvera "mwaulere" ndiye amene amawonongerapo data yambiri. Zithunzi za oimba, mawu a nyimbo olembedwa ndi mavidiyo a m'pulogalamu momwemo nazonso zimatha kukhala kunja kwa pangano. Kutsitsa apu ku Play Store ndi kuikonzanso ikatuluka yatsopano sikuwerengedwa ngati kumvera nyimbo.

Chitsanzo chongoyerekeza chikhoza kuonetsa kukula kwa nkhaniyi. Wometa tsitsi pamsika wa Ulongwe wagula bandulo ya nyimbo ya mamegabaiti 500, ndipo pa foni patsala mayunitsi ochepa. Pa mlingo wapakati wa Spotify, umene uli makilobiti 96 pa sekondi, mphindi imodzi imadya pafupifupi magawo atatu mwa anayi a megabaiti, ndiye kuti ola limodzi ndi mamegabaiti 43. Bandulo yakeyo ikwana maola 11 ndi theka, omwe ndi tsiku limodzi la ntchito ndi kachidutswa. Akakweza mlingo kufika pa makilobiti 160 kuti sipika imveke bwino, ola limadya mamegabaiti 72, ndipo bandulo siifika maola 7. Masana kasitomala apempha nyimbo ya Alleluya Band imene ili pa YouTube. Wometayo aitsegula osaganiza kanthu, popeza kwa iye nyimbo ndi nyimbo. Koma YouTube ili kunja kwa mndandanda, ndipo vidiyo imadya data yochuluka kangapo kuposa mawu okha. Nthawi yomweyo, chifukwa data yayatsidwa, WhatsApp ikutsitsa zithunzi za m'magulu ndipo foni ikukonzanso mapulogalamu ake mwakachetechete. Pofika madzulo mayunitsi atha, pamene bandulo ya nyimbo ikusonyeza kuti yatsala theka. Kwa mwini foniyo zikuoneka ngati umbava, koma megabaiti iliyonse ili ndi kumene yapita.

Pali njira zinanso ziwiri zimene zimathetseratu ufuluwo. Yoyamba ndi VPN, imene achinyamata ambiri amaika pofuna intaneti ya bule. VPN imabisa adiresi ya kumene zinthu zikuchokera, choncho makina saonanso kuti data ikuchokera ku pulogalamu ya nyimbo, ndipo amalipiritsa zonse. Yachiwiri imakhudza anthu a kum'mawa kwa Machinga, kufupi ndi malire a Nayuchi, kumene foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique. Bandulo yogulidwa ku Malawi imagwira ntchito pa netiweki ya kampani imene yaigulitsa, osati pa ya dziko lina. Kugawira mnzako intaneti kuchokera pa foni yako nakonso kumakanidwa m'mapangano ena.

Chinanso chimene chimasokoneza ndi kusasiyanitsa zinthu ziwiri zogulidwa. Ndalama ya pamwezi ya pulogalamu ya nyimbo imagula chilolezo chomvera popanda malonda ndi chosunga nyimbo m'foni. Bandulo imagula njira yoti nyimbozo zifikire foni. Pangano lina limapereka chilolezo chokha, lina data yokha, lina zonse ziwiri, ndipo chikwangwani chotsatsa malonda sichinena msanga kuti ndi liti. Nyimbo zosungidwa m'pulogalamu yolipira zimasiya kuseweredwa chilolezo chikatha, mosiyana ndi zija zoikitsa pa memori khadi pamsika.

Kudziwa choona sikufuna katswiri. Munthu aone data ndi mayunitsi otsala, atseke mapulogalamu ena onse, amvere nyimbo kwa mphindi khumi, kenaka aonenso. Pa mlingo wapakati bandulo ya nyimbo iyenera kutsika ndi mamegabaiti pafupifupi 7, kapena kuposerapo pang'ono chifukwa apu imatsitsiratu nyimbo yotsatira. Ngati mayunitsi nawonso atsika, foni ya Android ili ndi malo olembedwa "Data usage" m'kati mwa "Settings", amene amaonetsa kuti pulogalamu iliyonse yadya zingati. Kuyatsa "Data Saver", ndi kuuza Play Store kuti izikonzanso mapulogalamu pa Wi-Fi pokha, kumatseka mabowo akuluakulu.

Komabe si kuti makampani alibe mlandu. Mawu akuti "ulere" kapena "zopanda malire" amalembedwa ndi zilembo zazikulu, pamene zotsalira kunja, malire a data ndi tsiku lotha ntchito zimabisala m'tizilembo ting'onoting'ono, nthawi zambiri m'Chingelezi, kwa ogula amene chinenero chawo ndi Chiyao kapena Chichewa. Kumeneko ndiye kumene dandaulo lili ndi mphamvu, osati pa nkhani ya kuba mamegabaiti. Wogula amene wayesa monga tafotokozamu n'kupeza kuti nyimbo zenizenizo zikudya mayunitsi ayambe wadandaula ku kampani, atasunga mauthenga osonyeza zimene anagula ndi nthawi yake. Akapanda kuthandizidwa, nkhaniyo apite nayo ku MACRA, bungwe loyang'anira za mafoni, kapena ku CFTC, limene limaona za malonda osocheretsa ogula.