Kalata ya mkulu wa chipatala itchule onse oona kadi la wodwala

Mkulu wa chipatala akalembera odwala kalata yowatsimikizira kuti mbiri ya matenda awo imaonedwa ndi dokotala kapena namwino wowathandiza yekha, amakhala akulonjeza zimene chipatala chake sichichita. Cholinga chake n'chabwino, koma mawuwo si oona, ndipo wodwala amene wawakhulupirira ndiye amadzavulala.

Titsatire mayi amene amalandira ma ARV pachipatala chaching'ono cha kumudzi. Akafika, kalaliki ndiye amafunafuna kadi lake m'kabati n'kulemba m'kaundula, ndipo tsamba la kaundulalo likatseguka pathebulo, mayina a anzake ali pomwepo, mzere ndi mzere. Akamutenga magazi oyeza kuchuluka kwa kachilombo, fomu yake imachoka pamalopo, kupita ku labotale ya kutali m'manja mwa wonyamula. Oyendera zipatala akabwera kudzawerengera malipoti, amatsegula makadi omwewo. Tsiku lodzatenga mankhwala likadutsa mayiyo osaoneka, dzina lake ndi mudzi wake zimaperekedwa kwa mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka kuti akamulondole, ndipo nthawi zambiri munthuyo ndi wa m'dera lomwelo, wopemphera naye mpingo umodzi. Ntchito zonsezi n'zofunika, palibe yoti tiichotse. Koma mayiyu anauzidwa za anthu awiri, pamene kadi lake ladutsa m'manja ambiri.

Ena anena kuti onsewa ndi ogwira ntchito zaumoyo omangidwa ndi lamulo losunga chinsinsi. Lamulo liliko ndithu: gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za magazi a wina popanda chilolezo kupatula pamene lamulolo lalola, ndipo mu 2024 kunabweranso lamulo loteteza mbiri za anthu. Komatu chinsinsi chikaululika, funso loyamba ndi lakuti anatsegula kadi ndani, liti. Pamene kiyi wa kabati amapachikidwa pamsomali, kapena anthu angapo amalowa m'kompyuta ndi pasiwedi imodzi, funsoli lilibe yankho, ndipo lamulo limasowa womugwira.

Enanso akuti kutchula anthu onsewa kuopseza odwala, asiya mankhwala. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma chimene chimathawitsa munthu kwambiri ndi kuona wa kuchipatala ataima pakhomo pake, apongozi ali pakhonde, iye asanauzidwe kuti zimenezi zingachitike. Wouzidwa kale amatha kusankha: mundiimbire foni, musabwere kunyumba, kapena muuze mchemwali wanga, osati bambo a kunyumba.

Choncho kalatayo itchule maudindo onse oona kadi ndi chifukwa chake, inene amene amasunga kiyi, ifotokoze kuti mwamuna, abwana a kuntchito kapena abusa sapatsidwa kanthu popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo ionetse khomo limene wodwala angagogode akaona kuti za matenda ake zamveka kumsika.