Pepala la mamogilamu lisabwerere ku Nayuchi osalimasulira

Asisi, ambirife ndi ife amene timalandira amayi ndi azakhali akabwera m'tauni kudzaonana ndi dokotala. Ndi ife timawaperekeza, ndipo ndi ife amatipatsa pepala la zotsatira kuti "tandiwerengera mwanawe". Ndiye tiyeni tilidziwe pepalalo.

Makina a mamogilamu, ojambula mkati mwa bere, amapezeka m'mizinda ngati Blantyre ndi Lilongwe. Mayi wa ku Nayuchi, kumalire ndi Mozambique, amayamba wafika ku Liwonde pa chipatala cha boma cha Machinga asanatumizidwe kutaliko. Ife tikuti ulendo wotere usamathere pa pepala la Chingerezi lopanda wolifotokoza.

Malipoti ambiri amakhala ndi mawu akuti BI-RADS, kenako nambala yoyambira 0 mpaka 6. Nambalayi si siteji ya khansa ayi. Imangonena zimene dokotala waona pa chithunzi ndi choyenera kuchita. 0 ndiye kuti sanamalize, akufuna zithunzi zina kapena sikani. 1 sanaone kanthu. 2 aona chinthu chosaopsa, monga kathumba ka madzi. 3 ndi chinthu chimene mwayi woti ndi khansa suposa 2 pa 100, koma ajambulenso pakatha miyezi 6. Pa 4 pali chikaiko, ndipo atape kanyama ndi singano kukayeza. Ambiri a m'gulu limeneli amapezeka alibe khansa. Pa 5 mwayi wa khansa ndi 95 pa 100 kapena kuposa. 6 amalembera munthu amene kanyama kake kanatsimikiza kale khansa.

Pali chinanso chimene maso amachidumpha: kachilembo a, b, c kapena d. Bere lili ndi mafuta, komanso tizigawo topanga mkaka ndi minofu yotigwirizira. Pa a ndi b mafuta ndiwo ambiri. Pa c ndi d minofu ndiyo yachuluka, ndipo limatchedwa bere lothithikana. Si matenda, ndipo simungadziwe poligwira kapena poona kukula kwake. Chithunzi chokha ndicho chimanena.

Vuto lake ndi ili. Pa mamogilamu mafuta amaoneka akuda, minofu yothithikana imaoneka yoyera, chotupa nachonso chimaoneka choyera. Zili ngati kufunafuna njere ya mpunga m'lichero la ufa. Kuthithikanaku kumakwezakonso pang'ono chiopsezo cha khansa. Atsikanafe mabere athu amakhala othithikana kwambiri, n'chifukwa chake mtsikana wa zaka 25 akapeza kabulu dokotala amayamba ndi sikani, osati mamogilamu.

Tiyerekeze azakhali a zaka 44. Amva kabulu kolimba ku bere lamanzere, agulitsa mpunga, afika m'tauni, ajambulidwa. Lipoti likuti BI-RADS 1, chilembo d. Kunyumba aliyense akuti zikomo Mulungu. Koma taonani bwino: 1 akutanthauza kuti chithunzi sichinaonetse kanthu, d akutanthauza kuti chithunzicho chikhoza kubisa chotupa, pomwe dzanja likukamva ndithu kabuluko. Nkhani sinathe. Chotsatira ndi sikani pamalo penipeni pa kabuluko, ndipo dokotala akakayikirabe, atape kanyama. Azakhali akakwera sitima kubwerera ndi 1 wawoyo, akhoza kudzabweranso patapita chaka chotupa chitakula.

Tisapitirirenso muyeso. Mayi wopanda kabulu kapena chizindikiro china, amene lipoti lake likuti 1 kapena 2 ndi chilembo c, sakudwala. Sikani nayo imaonetsa tinthu tambiri tosaopsa timene timadzetsa mantha ndi ndalama za maulendo. Funso loti awonjezere sikani akambirane ndi dokotala, makamaka ngati amayi ake kapena mchemwali wake anadwalapo khansa ya m'mawere.

Ku America, kuyambira mu Seputembala 2024, lamulo limakakamiza zipatala kuuza mayi ngati bere lake ndi lothithikana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati kuyeza konse, mpaka zotsatira za kanyama, kuzitha m'masiku 60. Ife tikupempha Unduna wa Zaumoyo ndi zipatala zonse zojambula zinthu zitatu. Lipoti lililonse lizikhala ndi nambala komanso chilembo. Mayi azifotokozeredwa m'chilankhulo chake, kaya Chichewa, Chiyao kapena Chilomwe. Ndipo wochokera kutali akapezeka ndi 0, 4 kapena 5, kapena kabulu kosaoneka pa chithunzi, achitiridwe chotsatiracho pa ulendo womwewo, kapena apatsidwe tsiku lolembedwa.

Nanunso mukaperekeza munthu, musatuluke musanafunse: nambala ndi iti, chilembo ndi chiti, tibwerenso liti? Jambulani lipotilo pa foni, ndipo zithunzizo musunge, chifukwa dokotala adzafuna kuziyerekeza ndi zatsopano. Tumizani uthengawu ku gulu la WhatsApp la kumudzi.