Akulemba kuti ndiwe kontilakita, koma ukachedwa akudula ndalama

Muli kachinyengo kamene kafala m'makampani ang'onoang'ono muno mu Lusaka, ndipo ife achinyamata tikukasainila ndi manja athu. Wapeza nchito, wapatsidwa pepala, ndipo pa tsamba lachiwili pali mzele wakuti iwe sindiwe wanchito wa kampani, ndiwe kontilakita woima pawekha, kapena konsalitanti. Mau okoma m'khutu. Ena amafika ponyada nao, ngati akwezedwa. Ine ndikuti mzele umenewo nthawi zambili ndi bodza lolembedwa bwino, ndipo lamulo silikakamizika kuukhulupilila.

Tiyelekeze mtsikana wojambula pa kompyuta mu shopu yosindikiza mapepala ku Kamwala. Wasaina zaka ziwili, K4,000 pa mwezi. Amafika 08:00, amachoka 17:00, Loweluka mpaka masana. Kompyuta ndi ya abwana, mpando ndi wa abwana, makasitomala ndi a abwana. Akachedwa amamudula. Akadwala sangatume mnzake kuti akamugwilile. Akajambulila munthu wina kunyumba usiku, abwana amati wawabela kasitomala. Manje ndiuzeni, bizinesi yake mtsikanayu ili pati?

Kontilakita weniweni timamudziwa tonse. Ndi pulambala amene mwamuitana kuti akonze paipi. Amabwela ndi zipangizo zake, amachula yekha mtengo, akhoza kutuma mnyamata wake, ndipo akatha kwanu amapita kwa ena. Akapima molakwa, kuluza ndi kwake. Akagwila mwachangu, phindu ndi lake. Mtsikana wa ku Kamwala alibe ngakhale chimodzi mwa izi.

Abwana sanasankhe mau aja mwangozi, tiyeni tiwelenge ndalama. Wanchito amadulidwa 5 pelesenti ya NAPSA, ndipo bwana amaikapo 5 pelesenti ina yochoka m'thumba mwake. Pa K4,000 gawo la bwana ndi K200 pa mwezi, pa miyezi 24 ndi K4,800. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limati wanchito wa kontilakiti ya nthawi yoikika yopitilila miyezi 12 alandile gilatuwiti yosachepela 25 pelesenti ya malipilo ake enieni, osaphatikiza maalawansi. Pa zaka ziwili mtsikanayu walandila K96,000, ndiye gilatuwiti yake ndi K24,000. Kungophatikiza ziwilizi, K28,800 yatsala m'thumba mwa abwana. Sitinawelenge livu ya masiku awili pa mwezi uliwonse, sitinawelenge gawo la bwana la NHIMA, kapena ndalama ya ku thumba lolipila ovulala pa nchito. Mzele umodzi pa tsamba lachiwili, ndalama yonseyo yapita.

Wina anena kuti, "Koma anasaina yekha, palibe anamugwila dzanja." Ili ndiye yankho limene limanditopetsa kwambili. Munthu amene wayenda ndi maenvulopu chaka chathunthu, lendi ili pakhosi, sakambilana mau a pa pepala. Amafunsa chabe kuti asaine pati. Malamulo a nchito analembedwa chifukwa cha kusiyana mphamvu kumeneku. Ngati bwana angawathawe mwa kusintha dzina la munthu pa pepala, ndiye kuti Nyumba ya Malamulo inangotaya nthawi.

Ndipo lamulo la 2019 lija silinasiye nkhaniyi m'manja mwa wolemba kontilakiti. Ndi zoona kuti limachotsa kontilakita woima payekha pa gulu la anchito. Koma pofotokoza ubale wa bwana ndi wanchito limayang'ana zochitika: kodi nchito igwilidwa motsatila malangizo ndi ulamulilo wa bwana? Kodi munthuyo ali mkati mwa kampani, akuigwila yekha ndi manja ake, phindu likupita kwa bwana? Ndani amaika maola ndi malo? Zipangizo ndi za ndani? Kodi malipilo amenewa ndiwo ndalama yaikulu imene munthuyo amadalila? Yankhani mafunso awa pa mtsikana uja, muone ngati dzina la konsalitanti likhalabe chilili.

Nkhani imene ndimaikonda pa izi inachitika ku Britain, ndipo ndi ya otsuka magalimoto, anyamata onga amene timawaona m'mbali mwa miseu yathu. Kampani ya Autoclenz inawalembela mapepala akuti ndi makontilakita, kuti akhoza kukana nchito, ndiponso kuti akhoza kutuma munthu wina m'malo mwao. Pa pepala zonse zinali zoyela. Koma zoona zake anali kubwela tsiku ndi tsiku, kugwila zimene apatsidwa, ndipo palibe amene anali kuyembekezela kuti atume wina. Mu 2011 khoti lalikulu kwambili la dzikolo linagamula kuti mau aja sanali pangano lenileni, ndipo linanena poyela kuti pofufuza pangano lenileni tiyenela kuona kuti wamphamvu anali ndani posaina. Mu 2021 khoti lomwelo linakananso mapepala a Uber pa madilaiva ake, poona kuti kampani ndiyo inali kuika mtengo wa ulendo ndi kulamulila kagwilidwe ka nchito. Zigamulo izi sizimanga woweluza wa ku Zambia, koma malamulo athu a mapangano anachokela komweko, ndipo makhoti athu amawelenga milandu ya kumeneko.

Musandimve molakwa. Pepala silili chabe, woweluza adzaliwelenga, ndipo nthawi zina limanena zoona. Ngati uli ndi makasitomala asanu, umalemba invoisi, umagwilila pa laputopu yako nthawi imene wafuna, ndiye ndiwedi kontilakita, ndipo usadzalile gilatuwiti. Kumeneko ku Britain, mu 1968, dilaiva wonyamula konkili wa kampani ya Ready Mixed Concrete anapezeka kuti ndi kontilakita ngakhale anali kuvala yunifomu ya kampani, chifukwa lole inali yake ndipo kuluza kunali pamutu pake. Palibe chizindikilo chimodzi chimene chimagamula chokha. Amaika zonse pa sikelo.

Ndiye chifukwa chake mlandu wotele umawinidwa ndi tuzinthu tumene timafufuta pa foni kuti tipeze malo a zithunzi. Uthenga wa pa WhatsApp wakuti "uli kuti, 08:00 yakwana" ndi umboni wa ulamulilo. Ndandanda ya mashifiti yomata pa khoma, ijambule. Kalata yochenjeza, isunge, pakuti pulambala salembeledwa kalata yochenjeza. Mauthenga a ndalama yofanana yolowa tsiku limodzimodzi mwezi ndi mwezi, khadi ya kampani yokhala ndi nkhope yako, tsiku limene unapempha kupita ku malilo nkukanizidwa, zonsezi zitumize kumalo kumene abwana sangazifikile, chifukwa tsiku lochotsedwa kompyuta ya ku ofesi imatsala komweko.

Ndidziwa kuti ambili sangapite ku ofesi ya leba akali pa nchito, ndipo sindiwaseka, njala si masewela. Koma ikatha nchitoyo, usakhale miyezi ukuyembekezela kuti abwana akumbuke chifundo. Yambila ku ofesi ya leba ndi mapepala ako. Zikakanika kumeneko, kuli mbali ya Khoti Lalikulu yoona milandu ya nchito, ndipo nthawi yopeleka dandaulo kumeneko imawelengedwa m'masiku, osati m'zaka. Pitanso ku NAPSA ukapemphe sitetimenti yako, uone ndi maso ako ngati pa miyezi 24 ija panalowa ngakhale ngwee.